Ng'ona kapena ng'azi? Yang'anani mlomo, mchira ndi mamba pachithunzi

M'mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa litatentha monga limachitira kuchigwa cha Shire, foni yanga idalira ndili m'munda wachitsanzo. Adali mayi wina yemwe ndi wapampando wa kalabu ya ulimi wamthirira m'dera lina ku Chikwawa.

"Alangizi, ndakutumizirani chithunzi. Mutiuze chilombochi n'chiyani, kuno takangana. Abambo akuti ndi ng'azi, tizithirira basi. Ife amayi tikuti ndi ng'ona, ndipo kudooko sitipitako."

Chithunzicho adajambula ndi mnyamata wina ataima pamtunda. Chinkaonetsa nyama yakuda itagona pamchenga, mutu utalowa pang'ono m'bango, mapazi ochepa kuchoka pomwe kalabuyo imaika thiredo pampu. Tomato wawo adali pamaluwa, ndipo inu alimi mukudziwa kuti tomato wapamaluwa akasowa madzi masiku angapo m'chilimwe amayoyola maluwa. Kusiya kuthirira kudali kutaya ndalama. Kupitiriza kuthirira osadziwa chomwe chagona pamenepo kudali kuika moyo wa munthu pachiswe.

Zithunzi zotere zachuluka masiku ano poti mafoni ojambula afika m'midzi yambiri. Lero tiyende limodzi pachithunzi cha amayiwa kuti nanunso mukalandira china muzidziwa poyang'ana. Malo ake ndi atatu: mlomo, mchira ndi mamba.

Musayambire pa kukula kapena mtundu

Abambo a m'kalabu ija adati ndi ng'azi chifukwa nyamayo inkaoneka yaing'ono. Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonyera. Ng'ona siibadwa ili yaikulu. Ikamaswedwa m'dzira imakhala yotalika pafupifupi masentimita 30, ngati rula ya mwana wasukulu, ndipo imakula pang'onopang'ono mpaka mamita atatu kapena anayi, zina zamphongo kufika mamita asanu. Ng'azi yaikulu imatha kufika mamita awiri. Ndiye kuti nyama iliyonse yosafika mamita awiri itha kukhala ng'azi, ithanso kukhala ng'ona yomwe ikukula. Komanso chithunzi sichinena kukula kwa chinthu ngati palibe china chodziwika choyerekezera pambali pake. Ng'ona yaikulu yojambulidwa kutali imaoneka ngati buluzi.

Mtundu nawo umanamiza. Ng'azi imakhala ndi timadontho tachikasu tondandalikana mopingasa msana, ndipo mchira wake uli ndi mizere yachikasu ndi yakuda yosinthana. Mukaziona bwino zimenezi zimathandiza. Koma ng'azi yokalamba mtundu wake umazilala, yonyowa imaoneka yakuda bii, ndipo yomwe yadutsa m'matope siioneka dontho ndi limodzi lomwe. Kuonjezera apo, ng'ona yaing'ono nayo imakhala ndi mizere yakuda kumchira. Choncho kukula ndi mtundu muziike pambali kaye. Yang'anani mapangidwe a thupi, chifukwa amenewo matope sangawabise.

Mlomo ndi mutu

Ikani zala ziwiri pagalasi la foni, mutambasule chithunzicho mpaka mutu ukule. Mutu wa ng'ona ndi wautali ndi wophwatalala ngati thabwa, ndipo mbali yaikulu ya mutuwo ndi mlomo. Maso ake ali pamwamba pa mutu, otukuka ngati timabampu tiwiri, ndipo mphuno zake zili pakabampu kena kunsonga kwenikweni kwa mlomo. Mzere wa pakamwa ndi wautali, wokhotakhota, umafika mpaka kuseri kwa diso. Chachikulu n'chakuti mano a ng'ona amaonekera kunja ngakhale itatseka pakamwa. Dzino lachinayi la m'munsi ndi lalikulu ndipo limatulukira m'mbali mwa mlomo wam'mwamba. Mukaona timadontho toyera tondandalikana m'mbali mwa kamwa lotseka, musafunsenso, imeneyo ndi ng'ona.

Mutu wa ng'azi ndi waung'ono poyerekeza ndi thupi lake, wofanana ndi wa buluzi wamkulu. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, osati pamwamba, ndipo kuseri kwa diso kumaoneka kabowo ka khutu. Ikatseka pakamwa milomo imabisa mano onse, pamatsala mzere wosalala. Ng'azi ili ndi lilime lalitali lakuda, lamphanda ngati la njoka, ndipo imalitulutsa pafupipafupi ikamayenda. Ng'ona siitulutsa lilime, lake lidamatirira pansi pa kamwa. Chithunzi chikagwira lilime lili panja, nkhani yatha, ndi ng'azi.

Mutu ukapanda kuoneka bwino, yang'anani khosi. Ng'azi ili ndi khosi lalitali lomwe imalitukula ikamaunguza, mutu n'kukhala m'mwamba kutali ndi nthaka. Ng'ona ili ndi khosi lalifupi lonenepa, moti mutu umaoneka ngati wangolumikizidwa kumapewa, ndipo ikagona chibwano chimakhala pansi. Nthawi yotentha ng'ona imakonda kugona kukamwa kuli yasa kwa nthawi yaitali kuti izizidwe, m'kamwa mukuoneka chikasu.

Pachithunzi cha amayi aja, nsonga ya mlomo idabisika ndi bango, choncho mano sindidawaone. Koma kuseri kwa mutu kunkaoneka, ndipo padalibe khosi loti n'kuliloza. Mutu wotakata udayambira pamapewa pomwepo. Ichi chidandipatsa chikaiko, koma chizindikiro chimodzi sichikwanira kugamulira mlandu, choncho ndidatsikira kumchira.

Mchira

Mwa zizindikiro zitatuzi, mchira ndi womwe umaoneka kawirikawiri pachithunzi, chifukwa nyama ikamathawira m'madzi kapena m'bango mutu ndi womwe umayamba kubisika. Mchira ndi womwenso umaonekabe ngakhale chithunzi chijambulidwe kutali.

Mchira wa ng'ona ndi wonenepa pomwe wayambira, pafupifupi ngati thupi lomwe, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi theka la nyama yonse. Pamwamba pake pali mamba osongoka oimirira ngati mano a sowo. Mukayang'anitsitsa muona kuti manowa amayamba ali m'mizere iwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, kenaka chapakati pa mchira mizere iwiriyo imakumana n'kukhala mzere umodzi wautali mpaka kunsonga. Kunsongako mchira umakhala wopyapyala m'mbali koma wotakata kuchoka pamwamba kufika pansi, ngati nkhafi yopalasira bwato.

Mchira wa ng'azi ndi wautali kuposa thupi ndi mutu kuphatikiza, pafupifupi kamodzi ndi theka. Umayamba wonenepa ndithu koma umanka nuwonda mpaka kunsonga kukhala ngati chikwapu. Nawonso ndi wopyapyala m'mbali poti ng'azi imasambira, ndipo pamwamba pake pali kamzere kotukuka pang'ono, koma kamzereko ndi kosalala. Pachithunzi simuona mano a sowo ayi, muona mzere woongoka bwino ngati wojambula ndi pensulo.

Njira yachidule ndi iyi. Pezani pomwe pali miyendo yakumbuyo. Yezani ndi chala kapena kachitsotso kuchoka pamenepo kufika kunsonga ya mlomo, kenaka muyeze kuchoka pamenepo kufika kunsonga ya mchira. Mbali ziwirizi zikakhala zofanana kapena kusiyana pang'ono, ganizani za ng'ona. Mchira ukapitirira kwambiri n'kuthera kowonda, ganizani za ng'azi. Chenjezo ndi lakuti ng'azi zina zidaduka mchira pomenyana kapena polumidwa ndi agalu, ndipo mchira wa ng'azi suphukanso ngati wa buluzi wa m'nyumba. Mchira wina umakhala utapindika kapena nsonga yake ili m'madzi. Zikatero muyesowu usakusocheretseni, bwererani kumsana kwa mchira mukafune mano a sowo.

Pachithunzi chathu chija mchira udagona poyera pamchenga. Nditakulitsa, mano a sowo adaoneka bwinobwino, ndipo dzuwa la m'mawa lidaponya chithunzithunzi chake pamchenga, chooneka ngati chipeso. Pafupi ndi miyendo mizere idali iwiri, kutsogolo kwake udali umodzi.

Mamba a pamsana

Khungu la ng'ona pamsana lili ndi mamba akuluakulu amakona anayi, ondandalikana m'mizere ngati njerwa pakhoma. Lililonse lili ndi kamsana kotukuka pakati, ndipo mkati mwake muli fupa. Pa ng'ona yaikulu mamba amodzi amafanana ndi bokosi la machesi. N'chifukwa chake msana wa ng'ona pachithunzi umaoneka wa mabampumabampu ngati tayala la thirakitala. Pakhosi, kuseri kwa mutu, pamakhala kagulu ka mamba akulu kwambiri kokhala pakokha.

Mamba a ng'azi ndi ang'onoang'ono ngati mikanda kapena njere za mapira, othithikana thupi lonse. Pachithunzi chojambulidwa ndi foni patali simungawaone limodzilimodzi. Thupi limangooneka losalala ngati nsalu, nthawi zina lili ndi makwinya m'khosi ndi m'nthiti. Ndiye lamulo lake n'losavuta kukumbukira: ngati mamba mukutha kuwawerenga pachithunzi, ndi ng'ona.

Koma lamuloli silitembenuzika. Kusaona mamba sikutanthauza kuti nyamayo ndi ng'azi. Chithunzi chikadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo mukachikulitsa chimangosanduka timabokosi tosaoneka bwino. Ng'ona yokutidwa ndi matope ouma nayo imaoneka yosalala. Zikatero musayang'ane pakati pa thupi, yang'anani m'mphepete mwa msana, pomwe thupi lalekezera ndipo payambira madzi kapena mchenga. Mphepete ya ng'ona imakhala yamanomano, ya ng'azi imakhala yosalala. Njirayi imagwira ntchito ngakhale dzuwa lidali kuseri kwa nyama n'kuisandutsa chinthu chakuda chabe.

Pachithunzi cha kalabu ija mamba a pakati sankawerengeka bwino, koma mphepete ya msana idali yamanomano kuchoka pamapewa mpaka kumchira. Zizindikiro zonse zitatu zidaloza kumodzi. Ndidaimbira wapampando uja.

"Mayi, mwapambana ndinu. Ndi ng'ona, yaing'ono ndithu koma ng'ona. Pampu ija muichotse m'mphepete mwa madzi lero lomwe, ndipo ana asapiteko."

"Nanga abambowa akuti kang'ona kakang'ono kangatani munthu?"

Ndidawayankha kuti ng'ona ya mita imodzi ndi theka imatha kung'amba dzanja la munthu wamkulu ndi kukoka mbuzi kapena mwana. Ndidaonjeza kuti madzi omwe asunga ng'ona yaing'ono angathenso kusunga yaikulu.

Nyama ikakhala m'madzi

Patapita masiku awiri adanditumizira chithunzi chachiwiri. Ulendo uno nyama idali m'madzi, ndipo chomwe chinkaoneka ndi mutu wokha. Apa mchira ndi mamba sizithandiza kwenikweni, koma kayandamidwe kamanena zambiri. Ng'ona imayandama chogona, thupi lili pansi pa madzi. Pamwamba pamangooneka kabampu ka mphuno kutsogolo, kampata ka madzi, kenaka mabampu a maso ndi pamwamba pa mutu pophwatalala. Nthawi zina kumbuyo kumaoneka mzere wa mamba a pamsana. Ambiri amaiyesa chipika. Ng'azi ikamasambira pamwamba imatukula mutu wonse, nthawi zambiri ndi kachigawo ka khosi, ndipo thupi limapindikapindika kumbuyo ngati njoka. Siichedwa pamalo amodzi, imakhala ikupita kwinakwake.

Pachithunzi chachiwirichi padali mabampu a mphuno ndi maso, osalala ndi madzi. Mwamwayi, pambali pake penipeni pankayandama chigubu cha malita 20 chomwe adamangirirapo paipi yokoka madzi kuti isamire m'matope. Chigubu chotere n'chotalika pafupifupi masentimita 40, ndipo mutuwo, kuchoka kunsonga ya mlomo kufika kuseri kwa maso komwe chigaza chathera, udali wofanana nacho. Odziwa za ng'ona amayerekeza kuti kutalika kwa nyama yonse ndi pafupifupi mitu isanu ndi iwiri. Tikachulukitsa 40 ndi 7 tipeza masentimita 280, kutanthauza pafupifupi mamita atatu. Muyesowu ndi wongoyerekeza, ndipo umagwira ntchito pokhapokha nyama ndi chinthu choyerekezeracho zili pamtunda wofanana kuchoka kwa wojambula. Komabe udakwanira kutiuza kuti iyi siidali ng'ona yaing'ono ya pamchenga ija. Padookopo padali ng'ona ziwiri, ndipo yachiwiriyo idali pomwe munthu amalowa m'madzi kukachotsa zinyalala kukamwa kwa paipi. Abambo aja ataona chithunzicho sadatsutsenso.

Chomwe chithunzi sichingakuuzeni

Chithunzi chingakutsimikizireni kuti pamalo pali ng'ona, koma sichingakutsimikizireni kuti palibe. Ngakhale chitaonetsa ng'azi yooneka bwino, lilime lili panja, chikungonena za nyama imodzi yomwe idali pamenepo nthawi imeneyo. Ng'azi ndi ng'ona zimakhala m'mitsinje imodzimodzi, ku Shire, ku Bua, m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo. Chinanso, ng'azi imakonda kwambiri mazira a ng'ona. Ng'ona zimaikira mazira mumchenga nyengo yotentha mvula isanayambe, cha m'ma Seputembala ndi Okutobala, ndipo mazirawo amatenga pafupifupi miyezi itatu kuti aswe. Nthawi yonseyi make amakhala chapafupi kulondera, ndipo amalusa. Choncho mukaona chithunzi cha ng'azi ikukumba mumchenga m'mbali mwa mtsinje miyezi imeneyi, musasangalale kuti ndi ng'azi chabe. Mwina ikukulozerani chisa, ndipo nyengo yake ndi yomweyi yomwe inu mumakhala kudimba tsiku ndi tsiku.

Funsaninso yemwe adajambula, malo ndi tsiku. Zithunzi zina zimayenda m'mafoni kuchokera kutali, n'kuikidwa dzina la mtsinje wanu. Ndidaonapo alimi ena atasiya kuthirira anyezi sabata yathunthu chifukwa cha chithunzi cha ng'ona yomwe palibe mmodzi m'mudzimo adaiona ndi maso. Ngati wojambula sakudziwika, chithunzicho si umboni wa dooko lanu.

Ngati mwa zizindikiro zitatu zija palibe ziwiri zooneka bwino ndi zogwirizana, itengeni nyamayo ngati ng'ona mpaka mutapeza chithunzi chabwino. Kuyesa ng'azi ng'ona kungakutayitseni madengu angapo a tomato. Kuyesa ng'ona ng'azi kungakutayitseni munthu.

Kajambulidwe kothandiza

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musatume mwana, ndipo musasendere pafupi kuti chithunzi chioneke bwino. Imani pamtunda pokwera, mamita osachepera asanu kuchoka m'mphepete mwa madzi, ndipo musaime pakati pa nyama ndi madzi chifukwa ikadzidzimuka imathawira komweko. Jambulani dzuwa lili kumsana kwanu, nyama muione cham'mbali kuti mutu ndi mchira zilowe pamodzi. Jambulani zithunzi zingapo, ndipo ngati foni ikutha, tengani kanema wa masekondi ochepa, chifukwa kayendedwe kamaulula zomwe chithunzi chabisa: ng'azi imathamanga mutu uli m'mwamba ndipo imakwera mitengo mosavuta, pomwe ng'ona nthawi zambiri imangotsetsereka ndi mimba kulowa m'madzi. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document m'malo mwa Gallery, kuti chithunzi chifike chisadachepetsedwe ndipo mamba aoneke.

Mukadziwa, chitani izi

Ikakhala ng'ona, dziwitsani amfumu ndi alangizi kuti uthenga ufike kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire. Musayese kuikola kapena kuithira poizoni, chifukwa ng'ona ndi yotetezedwa ndi malamulo, ndipo poizoni amapha nsomba n'kuononga madzi omwe inu ndi ziweto zanu mumamwa. Kalabu ija idasonkherana n'kugula paipi yoonjezera, pampu n'kuikokera pamtunda. Kukamwa kwa paipi adamangako chingwe kuti ikatsekeka aziikoka ali pamtunda, osalowa m'madzi. Omwe amathirira ndi makheni adakumba chitsime chosaya chapatali ndi mtsinje, poti m'dimba madzi sakhala pansi kwambiri. Mbuzi adayamba kuzimwetsera m'beseni. Adasiyanso kupita kudooko mbandakucha ndi chisisira, nthawi zomwe ng'ona zimasaka kwambiri.

Ikakhala ng'azi, pitirizani kuthirira mosamala monga mwa masiku onse. Ng'azi siisaka munthu, imathawa. Koma mukaipanikiza pakona imakwapula ndi mchira, imakanda ndi zikhadabo ndipo imaluma, bala lake n'kutukusira ngati silitsukidwa msanga. Vuto lake lenileni lili kukhola ndi kudamu la nsomba, chifukwa imadya mazira, anapiye ndi nsomba. Poti imakwera, khola lam'mwamba palokha silikwanira. Tsekani mipata ndi waya wamabowo ang'onoang'ono ndipo mukulunge malata osalala pamizati. Musaiphe chisawawa, chifukwa imadyanso nkhono, nkhanu zoboola makoma a ngalande, makoswe ndi mazira a ng'ona omwe.

Kalabu ya amayi aja idataya masiku awiri okha a kuthirira, ndipo tomato wawo adafika pamsika. Chithunzi choyamba chija ndidachisunga m'foni. Ndikafika pagulu la alimi a m'mbali mwa mtsinje ndimachionetsa ndi kufunsa kuti n'chiyani, ndipo mpaka lero ambiri amayamba ndi kunena kuti ndi ng'azi, kufikira wina atatambasula ndi zala n'kuona sowo kumchira.